Uvuni ndi umodzi koma njerwa zake sizifanana: zimene ndinaona pomanga nyumba yanga

Ndinagula njerwa 12,000 mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, nditasunga ndalama zaka zitatu kuchokera pa malipiro anga a uphunzitsi. Puloti yanga ili chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, ndipo uvuniwo unali mtunda wosakwana ola limodzi pa njinga. Mwini wake anandilandira bwino, nakwera pa uvuni, natsika ndi njerwa ziwiri zofiira bwino. Anaziombanitsa pafupi ndi khutu langa, zinalira kuti ngwee ngati khasu. "Mwamva nokha aphunzitsi, izi ndi zitsulo," anatero. Ndinalipira theka tsiku lomwelo. Lole inatuta maulendo angapo ine ndili m'kalasi, ndipo madzulo ndinkangopeza milu itakula, mtima n'kumakhala pansi.

Mvula yoyamba inatipeza khoma litafika pa mawindo, lopanda denga, lopanda pulasitala. Itagwa masiku atatu otsatizana mu Disembala ndinapita kukaona. Khoma la kum'mawa linali bwinobwino. Koma pa khoma la kumwera, mizere iwiri yapansi inali itasintha. Makona a njerwa anali atadyeka, pansi pali phala lofiira lotsetsereka ngati munthu wataya utoto. Ndinakanikiza chala pa njerwa imodzi, chala chinalowa. Ina yoyandikana nayo inali gwa, osatekeseka n'komwe. Zonsezo zinachokera mu uvuni umodzi, tsiku limodzi, pa mtengo umodzi.

Mmisiri amene ankamanga anali mnyamata, ndipo anangoti njerwa zamasiku ano ndi choncho. Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wa kumpingo kwathu, amene waumba ndi kumanga moyo wake wonse. Atafika sanayambe ndi khoma. Anapita pa mulu wa njerwa zotsala, nayamba kuzigogoda ndi chipande chomangira, imodziimodzi, akuziponya mbali zitatu. Pasanathe theka la ola panali milu itatu. Kenako anati, "Aphunzitsi, inu simunagule njerwa zoipa zokhazokha ayi. Munagula uvuni wonse, ndi khungu lake lomwe. Tiyeni mukaone kumene zimachokera."

Loweruka lotsatira tinapita kudambo kumene anyamata ena ankapasula uvuni umene unaotchedwa mochedwa. Unali utagumulidwa mbali imodzi, ndiye mkati monse munkaoneka ngati chigumu chodulidwa. Apo m'pamene ndinamvetsa. Uvuni wathu wakumudzi si nyumba yoikamo njerwa ayi, ndi njerwa zomwezo zosanjikizidwa, pansi atasiya makomo oponyamo nkhuni, kunja atamata ndi matope. Moto uli pansi, ndipo kutentha kuyenera kukwera kudutsa m'mipata ya njerwa mpaka pamwamba. Sikungafike paliponse mofanana. Njerwa zozungulira makomo zinali zakuda, zopindika, zina zitamatirirana zitatu zinayi ngati mwala umodzi wonyezimira. Pamwamba pa izo, chapakati pa uvuni, panali njerwa zofiira mofanana, zamakona akuthwa. Kumbali, m'makona ndi mizere yapamwamba zinali zotuwa, zina zamawanga a utsi, ndipo ukazigwira zinkasiya fumbi m'manja.

Bambo aja anandifotokozera kuti dothi limasanduka njerwa pang'onopang'ono. Poyamba moto umangotulutsa madzi otsalira, ndipo utsi umatuluka woyera chifukwa ndi nthunzi. Kutentha kukafika cha m'ma madigiri 500 mpaka 600, dothi limasintha moti silingabwererenso kukhala matope enieni, koma limakhala lidakali lofooka, lomwa madzi ngati thonje. Mphamvu yeniyeni imabwera cha m'ma madigiri 900 mpaka 1,000, pamene tizidutswa ta dothi timayamba kugwirana tokha. Kukapitirira kwambiri, dothi limayamba kusungunuka, n'chifukwa chake za pakhomo la moto zimapindika. Manambalawa ndinawapeza pambuyo pake powerenga, iwo ankangonena kuti njerwa iyenera kufika poyaka ngati khala. Njerwa yanga imene chala chinalowa ija inali ya pakhungu la uvuni. Inangowauka kunja, mkati idakali chidina.

Chimene chimakulitsa kapena kuchepetsa gawo la zosapsa ndi nkhuni. Nkhuni zakwera mtengo ndipo zikusowa, moti ambiri amene amaumba kuti agulitse amayeza moto ndi thumba lawo. Uvuni umene umafunika kusonkhezera masiku angapo usana ndi usiku, ena amautseka msanga mulu wa nkhuni ukatha, kaya moto wafika pamwamba kaya ayi. Ena amayamba ndi moto waukulu tsiku loyamba lomwelo pofuna kufulumira, njerwa zisanatulutse nthunzi, ndipo madzi owira mkati amazing'amba. Mphepo nayo ili ndi mbali yake. Ikamaomba kuchokera mbali imodzi usiku wonse, imakankhira moto ku mbali inayo, ndiye khoma limodzi la uvuni limapsa bwino, linalo ayi. Matope omatira akang'ambika osamatanso, kutentha kumathawira pomwepo. Ndipo wogula akamaumiriza, uvuni umapasulidwa usanazizire, mphepo yozizira n'kulowa pa njerwa zotentha, zimene zimabweretsa ming'alu yaing'ono yosaoneka ndi maso.

Tinapitanso ku dzenje lokumbamo dothi. Ndinkaganiza kuti dothi la malo amodzi ndi limodzi, koma m'mbali mwa dzenjelo munkaoneka mizere. Pamwamba dothi lakuda la mizu ndi zinyalala, pakati katondo, pansi dongo lomata. Woumba akayamba sabata yoyamba amakumba pamwamba, pofika sabata yachinayi ali pansi, ndiye njerwa za uvuni umodzi zimakhala za dothi losiyana. Dothi la mchenga wambiri limaumbika mosavuta ndipo siling'ambika pouma, koma njerwa yake imanyenyeka ngakhale itapsa. Dongo likachuluka, monga makande a kudambo, njerwa imafota kwambiri pouma, kupindika ndi kung'ambika. N'chifukwa chake ambiri amakonda dothi la pachulu, kapena kusakaniza. Bambo aja anadandaula kwambiri ndi chinthu chimodzi, kuti anyamata a ganyu olipidwa pa chiwerengero safuna kuvunditsa dothi. Dothi liyenera kukumbidwa, kuthiridwa madzi, kugona usiku umodzi kapena kuposa, kenako kupondedwa mpaka zibuma zonse zitatha. Likangothiridwa madzi m'mawa n'kuumbidwa pomwepo, mkati mwa njerwa mumatsala zibuma zouma ndi mabowo, ndipo pamenepo m'pamene imadzathyokera.

Titabwerera ku puloti anandiphunzitsa kuyesa. Palibe chimene chinafuna chida chogula, kupatula sikelo imene ndinabwereka kwa mayi wogulitsa nyemba.

Kuyesa koyamba ndi kuja anandionetsa wogulitsa, kuombanitsa njerwa ziwiri. Ndi kuyesa kwabwino, vuto linali loti anasankha yekha njerwazo. Uzigwira mopepuka kumapeto, imodzi dzanja lililonse, n'kuzigunditsa. Yopsa bwino imalira mokweza ndipo kulirako kumapitirira pang'ono. Yosapsa imangoti phu, ngati wagogoda chipika chonyowa. Pali zinthu ziwiri zoyenera kusamala. Njerwa yonyowa imalira mogontha ngakhale ili yabwino, ndiye yesani zouma. Ndipo njerwa yopsa bwino koma yokhala ndi mng'alu mkati imalira mosweka, ngati mphika wong'aluka, ndipo imeneyonso ndi yokana. Khutu limazolowera msanga. Nditagogoda njerwa makumi awiri ndinayamba kusiyanitsa ndekha.

Kenako kugwetsa. Njerwa uikweza kufika m'chiuno, pafupifupi mita imodzi, n'kuisiya igwe chafulati pa nthaka youma yolimba, osati pa mchenga kapena pa simenti. Yabwino imabenthuka pakona chabe kapena osabenthuka n'komwe. Pa njerwa khumi za mulu wofiira uja inathyoka imodzi, pakati, zidutswa ziwiri zoyera bwino. Pa khumi za mulu wotuwa zinasweka zisanu ndi ziwiri, ndipo kusweka kwake kunali kwina, zinkamwazika tizidutswa ndi fumbi. Kakomedwe ka kuyesa kumeneku n'koti kumakupatsanso njerwa zothyoka zoti uone mkati. Ndinatola chidutswa chimodzi. Kunja kunali chikhungu chofiira chokhuthala ngati chala, mkati monse muli motuwa, ndipo ndi chikhadabo ndinkakumba ngati ndikukumba chigumu. Mu china munali mzu wa udzu umene sunapse n'komwe. Pamenepo sipafunika wina wokuuza kuti moto sunafike. Nthawi zina mkati mumakhala mwakuda koma molimba. Zimenezo zimachitika dothi likakhala ndi zinyalala zambiri ndipo moto wathamanga, kunja kwatsekeka zamkati zisanapse n'kutha. Yoteroyo, ngati ikulira ndipo chikhadabo sichikulowa, ikhoza kugwira ntchito, ngakhale si yoyamba kusankha.

Za chikhadabo ndi msomali n'zachidule. Chikhadabo chisasiye mzere pa njerwa yabwino. Msomali usiye kamzere kochepa chabe, osati ngalande. Mukapaka chala pakona n'kuona mchenga ukuyoyoka, dziwani kuti dothi linali la mchenga wambiri kapena moto unachepa.

Mtundu wokha usakunamizeni, pakuti ine unandinamiza. Katondo amafiira msanga chifukwa cha chitsulo chimene chili m'dothimo, ndipo akhoza kufiira asanalimbe. Dothi lina la kudambo limatuluka lotuwa kapena lachikasu ngakhale litapsa bwino kwambiri. Mtundu umathandiza poyerekeza njerwa za uvuni umodzi, kuona kuti izi zapsa kuposa izo, koma osati poyerekeza uvuni wa kuno ndi wa kutsidya.

Kuyesa kumene ndimakukhulupirira kuposa kwina konse ndi kwa madzi, chifukwa madzi ndiwo anagwetsa mtima wanga, ndipo kumapereka nambala imene munthu sangakangane nayo. Tinasankha njerwa zisanu pa mulu uliwonse, kuziyanika padzuwa masiku awiri kuti ziume, kuzilemba manambala ndi choko cha kusukulu, n'kuziyeza pa sikelo. Kenako tinazimiza m'diramu la madzi, zonse zitabira, kwa maola 24. M'mawa mwake tinazivuula, kuzipukuta ndi nsanza yonyowa, n'kuziyezanso nthawi yomweyo.

Njerwa nambala 2, ya mulu wofiira, youma inalemera makilogalamu 2.8, yonyowa 3.2. Inamwa 0.4. Ukagawa 0.4 ndi 2.8 n'kuchulukitsa ndi 100 umapeza 14, kutanthauza kuti inamwa madzi okwana 14 pa 100 alionse a kulemera kwake. Nambala 8, ya mulu wotuwa, youma inali 2.6, yonyowa 3.3. Inamwa 0.7, ndipo kuwerengera komweko kumapereka 27 pa 100. Malire amene amatchulidwa kawirikawiri pa njerwa wamba ndi 20 pa 100. Kwa amene safuna masamu ambiri, gawani kulemera kwa njerwa youma ndi 5, ndipo madzi amene yamwa asapose pamenepo. Ya makilogalamu 2.6 isamwe kuposa theka la kilogalamu n'kakang'ono. Ziwiri za mulu wotuwa sitinathe n'kuziyeza komwe. Poziika m'madzi zinkachita thovu ndi kulira kuti tsii kwa nthawi yaitali, madzi anafiira, ndipo m'mawa pansi pa diramu panali matope, njerwazo zitatsala ngati sopo wotha. Zakuda zopindika zija zinamwa pang'ono kwambiri, sikelo yathu inkangosuntha pang'ono.

Madzi amaululanso matenda ena awiri. Njerwa zovuulidwazo tinaziika pamthunzi kuti ziume. Patapita masiku, ina inatuluka zoyera pamwamba ngati yawazidwa ufa. Umenewo ndi mchere wochokera m'dothi kapena m'madzi oumbira. Ukakhala wochepa umangochoka ndi burashi youma, koma ukakuta njerwa yonse umadzavutitsa pulasitala ndi penti. Chachiwiri ndi timiyala toyera ta laimu. Dothi likakhala nato, moto umatisandutsa laimu wamoyo, amene akakumana ndi chinyezi amafufuma n'kuphulitsa kachidutswa ka njerwa, pakati pa kabowoko n'kutsala kadontho koyera kofewa. Mwa zanga munalibe zimenezi, koma bambo aja anandionetsa pa mpanda wina wakale, utachita mabowo ngati nthomba.

Chotsiriza chinali kukula kwa njerwa, ndipo ichi ndi chimene ambiri sitiganizira chifukwa sichigwetsa khoma, chimangodya ndalama mwakachetechete. Oumba ena amachepetsa chikombole kuti dothi ndi nkhuni zomwezo zitulutse njerwa zambiri, poti timagula pa chiwerengero. Ngakhale popanda chinyengo, oumba atatu amakhala ndi zikombole zitatu, china chakutha m'mphepete, ndipo matope ofewa kwambiri amaphwasuka akakhuthulidwa pansi. Kuyeza njerwa imodzi sikuthandiza. Tinandandalika khumi mutu ndi mutu, zitagundana, n'kukoka tepi. Zanga zinakwana masentimita 204. Khumi zimene bambo aja anabweretsa kuchokera kwawo zinakwana 226. Posanjikiza khumi m'mwamba, zanga zinafika masentimita 58, zawo 70. Titawerengera ndi mpata wa matope omangira wa sentimita imodzi, khoma la njerwa imodzi m'lifupi linkafuna njerwa zanga pafupifupi 69 pa sikweya mita, pamene zawo zinkafunika 53 zokha. Ndiye njerwa yotchipa ija sinali yotchipa. Pamwamba pa apo, mizere ikachuluka simenti imalowa yambiri, ndipo njerwa zikasiyana kukula mmisiri amabisa kusiyanako ndi matope okhuthala ndi pulasitala wokhuthala. Bambo aja anandionetsanso lamulo losavuta: njerwa ziwiri zogonekedwa m'lifupi, pakati utasiya mpata wa chala, zifanane ndi utali wa njerwa imodzi. Zikapanda kutero, khoma la njerwa ziwiri silimangika bwino, makona amavuta.

Tinagumula mizere yoonongeka ya khoma la kumwera, zimene zinatanthauza kugumula khoma lonselo, ndi mbali ina ya kumadzulo. Zinandipweteka, chifukwa simenti imene inalowa pamenepo sinabwerere. Titasankha njerwa zonse zotsala ndi zogumulazo, pa khumi zilizonse pafupifupi zisanu ndi imodzi zinali zabwino, zitatu zosapsa bwino, imodzi yopserera kapena duka. Sitinataye zonse. Zolira bwino zinapita ku maziko, ku makoma akunja ndi pansi pa mawindo. Zapakatikati, zolira mogontha pang'ono koma zosasungunuka m'madzi, tinamangira makoma ogawa zipinda mkati, pamwamba pa pepala lakuda lotchinga chinyezi, kumene mvula sifika. Zopserera ndi maduka olimba tinaswa n'kutsira pansi tisanathire konkire. Zosungunuka zija zinangokhala dothi lokwirira. Njerwa yopserera ndi yolimba ndithu, koma ndi yopindika ndipo matope omangira saigwira bwino chifukwa simwa madzi, ndiye pakhoma looneka imavuta.

Ndinafunika njerwa zina 5,000, ndipo ulendo uno ndinagula mosiyana. Ndinapita uvuni usanapasulidwe, ndinafunsa kuti unasonkhezeredwa masiku angati ndiponso wazizira masiku angati, ndinayang'ana ngati mizere yapamwamba yapsa. Atatsegula ndinasankha ndekha njerwa khumi ndi zisanu: zapamwamba, zapakona, za mbali yochokera mphepo, zapakati ndi za pakhomo la moto. Ndinalipira zimenezo, n'kupita nazo kunyumba kukazimiza. Mwini uvuni poyamba anakhumudwa. "Aphunzitsi, mukundiyesa wakuba?" Ndinati, "Ayi bambo, uvuni uliwonse uli ndi khungu, ine ndikufuna tigwirizane kuti khungulo likhala la ndani." Anaseka, ndipo tinagwirizana kuti mizere iwiri yakunja ndi yapamwamba aiike padera, ine ndiwonjezera pang'ono pa mtengo wa njerwa iliyonse yamkati. Iye sanaluze, chifukwa zakunjazo amakutira nazo uvuni wotsatira. Tsiku lotuta ndinapempha tchuthi n'kuima pa lole, mphwanga ataima kotsitsira, ndipo tinaletsa kuponya njerwa potsitsa, poti maduka ambiri amabadwira pamenepo.

Kuyesa konseku kuli ndi malire ake. Kumakuuza kuti njerwa iyi yapsa kapena ayi, idzapirira mvula kapena ayi, koma sikukuuza kuti ingasenze katundu wolemera bwanji. Kwa nyumba wamba yapansi ya malata, kumakwanira. Wofuna kumanga nyumba yosanja, kapena khoma losenza thanki ya madzi, atengere njerwa zake ku labu kumene amazipsinja ndi makina, ndipo afunse injiniya. Komanso amene akumanga za boma kapena nyumba zikuluzikulu za malonda akumbukire kuti malamulo amene anakhazikitsidwa mu 2018 pansi pa bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la National Construction Industry Council amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito zoterezo, pofuna kuteteza mitengo. Ine nditaona mulu wa mitengo ya mango ndi bulugamu umene uvuni umodzi umadya, ndiponso kuti gawo lina la njerwazo limatuluka losapsa, ndinamvetsa chifukwa chake, ndipo mpanda wanga ndikuganiza zodzamangira mabuloko a simenti.

Nyumbayo tinalowamo chaka chotsatira, ndipo yaona mvula zinayi tsopano. Khoma la kumwera ndinalisiya dala lopanda pulasitala kwa chaka chimodzi kuti ndione, ndipo makona a njerwa anakhalabe akuthwa. Njerwa nambala 2 ndi nambala 8 ndinaziika pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri, pamtetete. Nambala 2 ilipobe, yamera ndere pamwamba. Pamene panali nambala 8 pangotsala kachulu kofiira, ndipo mwezi watha mphunzitsi mnzanga amene akufuna kugula njerwa anabwera kudzakaona asanapite kudambo ndi diramu lake.